Mota ikayamba kudwala, chizindikiro chimabisala pafupi ndi 50 Hz

M'kati mwa mota yamagetsi, ya mtundu umene umayendetsa zigayo, mapampu a madzi ndi makina a m'mafakitale, muli chitsulo chozungulira chotchedwa rota. M'rotamo munayalidwa mipiringidzo ya aluminiyamu kapena ya kopa, yolumikizidwa ndi mphete kumapeto konse kuwiri. Mota ikamalizidwa ndi kuzimitsidwa kawirikawiri ili ndi katundu wolemera, mipiringidzoyo imatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, mpaka umodzi umachita mng'alu n'kuduka. Mota siima tsiku lomwelo. Imapitiriza kugwira ntchito, koma magetsi amene ankadutsa mumpiringidzo wodukawo tsopano amapanikizana m'mipiringidzo yoyandikana nawo, ndipo nayonso imayamba kuwonongeka.

Vutoli lingathe kudziwika mota isanamasulidwe ngakhale bawuti limodzi. Katswiri amapana waya umodzi wolowa mumota ndi kachipangizo koyezera karenti, n'kujambula mmene karentiyo ikusinthira kwa masekondi angapo. Magetsi a m'dera lathu lino amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, ndiye kuti 50 Hz, choncho funde lalikulu m'zojambulidwazo ndi la 50 Hz. Mpiringidzo woduka umabala timafunde tiwiri tofooka, kena pansi pang'ono pa 50 Hz, kena pamwamba pang'ono. Ntchito yonse ndi kutipeza timafundeto. Koma masamu amene timawatuma kukatifufuza ali ndi khalidwe lina: funde lalikulu lija limatayikira m'malo oyandikana nalo n'kutiphimba. Za kutayikira kumeneku, ndi mtengo umene timalipira pofuna kukuchepetsa, ndi zimene tikambirane pano.

Tiyambe ndi kudziwa pamene timafundeto tiyenera kukhala. Mota ya mapolo anayi, ikalandira 50 Hz, mphamvu ya maginito m'kati mwake imazungulira maulendo 1500 pa mphindi. Rota siifikira liwiro limeneli, imatsalira pang'ono. Ikamazungulira maulendo 1470, yatsalira ndi 30 pa 1500, ndiye kuti 2 peresenti. Kutsaliraku amakulemba ndi chilembo s, ndipo timafunde ta mpiringidzo woduka timapezeka pa `f(1 - 2s)` ndi `f(1 + 2s)`, pamene f ndi firikwensi ya magetsi. Pa mota yathuyi timakhala pa 48 Hz ndi 52 Hz. Kutalika kwake ndi kochepa zedi. Akatswiri amakuyeza m'madesibelo poyerekeza ndi funde lalikulu: kutsika ndi madesibelo 20 ndi kuchepa kakhumi, kutsika ndi 40 ndi kuchepa ka 100. Oyeza mamota ambiri amati timafundeti tikakhala pansi ndi madesibelo opitirira 50, rota ili bwino, koma tikakwera kufika cha m'ma 40, pali chofunika kuchiona. Ife titenge kafunde kochepa ka 200 poyerekeza ndi funde lalikulu. Funde lalikulu likakhala 1, iko ndi 0.005, kapena kuti madesibelo 46 pansi.

Chimene kompyuta imaona

Joseph Fourier, katswiri wa masamu wa ku France, m'buku lake la mu 1822 anaonetsa kuti chinthu chobwerezabwereza chingathe kugawidwa kukhala mafunde osalala ambiri, lililonse ndi firikwensi yake. Kompyuta imachita zimenezi pa manambala owerengeka kudzera m'masamu otchedwa DFT. Njira yachidule yowerengera DFT, imene James Cooley ndi John Tukey anafalitsa mu 1965, imatchedwa FFT, ndipo ndiyo mudzaipeza pa sikirini ya chida chilichonse choyezera. Yankho lake ndi limodzi, kusiyana ndi liwiro chabe.

Tinene kuti tatenga miyeso 1000 pa sekondi, kwa sekondi imodzi. DFT imatipatsa mzere wa timabokosi, kalikonse koimira firikwensi imodzi: 0 Hz, 1 Hz, 2 Hz, mpaka 500 Hz. Mpata wa pakati pa timabokosi umachokera pa chinthu chimodzi chokha, kutalika kwa nthawi imene tajambula. Sekondi imodzi imapereka mpata wa 1 Hz. Masekondi 10 amapereka mpata wa 0.1 Hz. Lamulo limeneli tilisunge, tilifunanso kutsogoloku.

Magetsi akanakhala 50 Hz yeniyeni, m'sekondi yathu mukanalowa mafunde 50 athunthu. Kabokosi ka 50 kakanaonetsa 1, tina tonse tikanakhala topanda kanthu, ndipo kafunde ka pa 48 Hz kakanaima pamtetete. Koma firikwensi ya magetsi simakhala malo amodzi. Imakwera ndi kutsika pang'ono malinga ndi mmene magetsi opangidwa akulinganira ndi ogwiritsidwa ntchito, ndipo pa jenereta imayendayenda koposa. Tinene kuti pa nthawi yoyezayo inali 50.25 Hz. M'sekondi imodzi mwalowa mafunde 50 ndi kota ya funde.

Kota imeneyo ndiyo gwero la mavuto. DFT sidziwa zimene zinachitika tisanayambe kujambula kapena titamaliza. Imatenga chidutswa chathucho ngati chinthu chimene chimangobwereza mpaka kalekale, mapeto ake kulumikizana ndi chiyambi chake. Zili ngati telala amene wadula chitenje n'kusoka mapeto ake awiri pamodzi kuti apange siketi: akadula pamene maluwa a nsaluyo athera, msoko suoneka, koma akadula pakati pa duwa, pamsokopo maluwa sagwirizana ndipo diso limathamangira pomwepo. Funde lathu linayambira pa ziro, koma lathera pamwamba penipeni, choncho pamsoko pali kudumpha kwadzidzidzi. M'waya munalibe kudumpha koteroko, tabweretsa ndife podula. Koma DFT iyenera kufotokoza zonse zimene yapatsidwa, ndipo kudumpha kwadzidzidzi sikungapangidwe ndi funde limodzi losalala. Pamafunika mafunde a mafirikwensi onse, lililonse kusonkhapo pang'ono.

Zotsatira zake tingaziwerengetse. Kabokosi ka 50 kamaonetsa 0.90 m'malo mwa 1. Ka 51 kamaonetsa 0.30, ka 49 kamaonetsa 0.18, ndipo ka 48 kamaonetsa pafupifupi 0.10. M'waya mulibe funde la 49 Hz kapena la 51 Hz, zonsezi ndi zotayikira kuchokera ku funde limodzi lija. Kafunde kathu tsopano kali pa 48.24 Hz, kutalika kwake 0.005, ndipo pamalo pake pagwera zotayikira zochuluka ka 20 kuposa iko. Sikangaoneke. Choipa china n'chakuti zotayikirazi zimachepa mwaulesi: ukatalikira kawiri, zimangochepa ndi theka. Munthu ayenera kudutsa timabokosi topitirira 40 kuti zitsike kufika pa 0.005.

Chitunda ndi tizitunda

Pali njira ina yoonera nkhani yomweyi, ndipo ndi imene imathandiza posankha chochita. Kujambula kwa sekondi imodzi n'chimodzimodzi kutenga funde losatha n'kulichulukitsa ndi 1 m'kati mwa sekondiyo, ndi ziro kunja kwake. Chochulukitsira chimenechi amachitcha zenera, pakuti ndi pamene timasuzumira fundelo. Zenera longotseguka ndi kutsekeka mwadzidzidzi limatchedwa la ngodya zinayi, potengera mmene limaonekera pa chithunzi. Amene amati sagwiritsa ntchito zenera lililonse, kwenikweni akugwiritsa ntchito limeneli.

Zenera lililonse lili ndi chidindo chake chimene limasindikiza pa funde lililonse lodutsamo. Pakati pa chidindocho pali chitunda chachikulu, ndipo mbali zonse ziwiri pali tizitunda tonka nititsika, tolekanitsidwa ndi timaenje tofika pa ziro. Pa zenera la ngodya zinayi chitunda chachikulu ndi chotambasuka timabokosi tiwiri, kamodzi mbali iyi, kamodzi mbali iyo, ndipo katunda koyamba kali pansi ndi madesibelo 13 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chitundacho. Timaenje take ndi totalikirana kabokosi kamodzikamodzi. N'chifukwa chake funde la 50 Hz yeniyeni limaoneka loyera: tizitunda tilipo ndithu, kungoti kabokosi kalikonse kagwera m'dzenje. Funde likasuntha ndi kota ya kabokosi, chidindo chonse chimasuntha nalo, ndipo timabokosi timayamba kugwera pa tizitunda.

Mankhwala ake akuonekeratu. Ngati vuto ndi kudumpha kwa pamsoko, tiyeni tifooketse fundelo pang'onopang'ono kumapeto konse kuwiri, kuti liyambire pa ziro ndi kuthera pa ziro. Zenera lodziwika kwambiri lochita zimenezi ndi la Hann:

```
w[n] = 0.5 - 0.5*cos(2*pi*n/N)
```

Apa n ndi nambala ya muyeso, N ndi kuchuluka kwa miyeso yonse. Zenerali limayambira pa ziro, limakwera mosalala kufika pa 1 pakati, n'kutsikanso. Dzinali ndi la Julius von Hann, katswiri wa zanyengo wa ku Austria, amene ankasalaza manambala ake potenga theka la nambala iliyonse n'kuphatikiza ndi kota ya nambala ya kumbuyo ndi kota ya kutsogolo. Ralph Blackman ndi John Tukey ndi amene anapatsa zenerali dzina lake m'zolemba zawo za mu 1958. Pa DFT limachita zofanana ndi zimenezo: kabokosi kalikonse kamasakanizidwa ndi anzake awiri oyandikana nako. Popeza tizitunda toyandikana timakhala tosemphana, kena kokwera kena kotsika, kusakanizako kumachititsa kuti tizidyana tokhatokha. Katunda koyamba kamatsika kuchoka pa madesibelo 13 kufika pa 31, ndipo tinato timatha msanga: ukatalikira kawiri, timachepa kasanu n'katatu.

Koma kusakaniza komweko ndi kumene kumatambasula chitunda chachikulu. Tafooketsa miyeso ya kumapeto, ndiye kuti kwenikweni tikudalira nthawi yaifupi kuposa imene tinajambula, ndipo nthawi yaifupi imasiyanitsa mafirikwensi moperewera. Chitunda cha Hann ndi chotambasuka timabokosi tinayi, kuwirikiza kawiri cha zenera la ngodya zinayi. Ngakhale funde la 50 Hz yeniyeni, limene poyamba linkakhala m'kabokosi kamodzi, tsopano limatenga titatu: 1 pakati, theka mbali iyi, theka mbali iyo. Palibe zenera limene limathawa malonda amenewa. Ukapsinja tizitunda, chitunda chimafufuma. Fredric Harris mu 1978 anaika mazenera ambirimbiri pa tebulo limodzi m'nkhani imene mainjiniya amaiwerengabe mpaka lero, ndipo pa tebulolo mkhalidwe ndi womwewu. Zenera la Blackman lili ndi chitunda cha timabokosi 6, tizitunda pa madesibelo 58 pansi. La Blackman-Harris la magawo anayi lili ndi chitunda cha timabokosi 8, tizitunda pa madesibelo 92 pansi.

Tibwerere ku mota

Munthu woona manambalawa koyamba amathamangira pa 92. Kafunde kathu kali pa madesibelo 46 pansi, ndiye zenera lotsitsa tizitunda kufika pa 92 liyenera kukaonetsa mosavuta. Tiyese pa sekondi yathu imodzi ija. Kabokosi ka 48 kali pa mtunda wa timabokosi 2.25 kuchokera pa funde lalikulu. Chitunda cha Blackman-Harris chimafika timabokosi tinayi mbali iliyonse, choncho kabokosi ka 48 kali m'kati mwa chitunda chenichenicho, ndipo kamaonetsa pafupifupi 0.12. Zaipa kuposa mmene zinalili ndi zenera la ngodya zinayi, limene linapereka 0.10. Tizitunda totsikato tili kutali, kumene sitikufunako kanthu.

La Hann limachitako bwino. Chitunda chake chimathera pa timabokosi tiwiri, choncho kabokosi ka 48 kagwera kunja pang'ono, pa katunda koyamba, ndipo kamaonetsa 0.025. Komabe zimenezi n'zochuluka kasanu kuposa kafunde kathu. Pa sekondi imodzi, mazenera onse atatu alephera, lililonse pa chifukwa chake: loyamba chifukwa cha tizitunda totalika, la Blackman-Harris chifukwa cha chitunda chotambasuka, la Hann chifukwa tili pafupi kwambiri kuti kutsika kwake msanga kutithandize.

Apa ndi pamene lamulo lija la nthawi likugwira ntchito. Kutambasuka kwa chitunda kumawerengedwa m'timabokosi, osati mu Hz, ndipo kukula kwa kabokosi timasankha ndife. Tijambule masekondi 10. Mpata tsopano ndi 0.1 Hz, ndipo kafunde kamene kali pa mtunda wa 2 Hz kali timabokosi 20 kuchokera pa funde lalikulu. Chitunda cha Hann chimangofika 0.2 Hz mbali iliyonse, cha Blackman-Harris 0.4 Hz. Malo apezeka.

Wina angaganize kuti kujambula nthawi yaitali pakokha kwathetsa nkhani. Ayi. M'masekondi 10 mwalowa mafunde 502 ndi theka, choncho funde lalikulu lagwera pakatikati penipeni pa timabokosi tiwiri, pamene kutayikira kumakula koposa. Ndi zenera la ngodya zinayi, pamalo a kafunde kathu pamagwera 0.016, kuposa iko katatu. Kakadali kobisika. Ndi zenera la Hann pamagwera 0.00004 basi, ndipo kafunde ka 0.005 kamaima poyera, kutalika kopitirira ka 100 kuposa zoizungulira. Nthawi yatigulira malo, ndipo zenera lagwiritsa ntchito malowo kutsitsa zotayikira. Chimodzi popanda chinzake sichikanatheka.

Pali phunziro lina m'masekondi 10 omwewa, ndipo ndi limene ambiri amaphonya. Zenera la Hamming, lotchedwa ndi dzina la Richard Hamming wa ku Bell Labs, limafanana kwambiri ndi la Hann. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa 0.5 ndi 0.5 muli 0.54 ndi 0.46. Chitunda chake ndi chotambasuka timabokosi tinayi ngati cha Hann, koma katunda kake kotalika kwambiri kali pa madesibelo 43 pansi, pamene ka Hann kali pa 31. Pa tebulo likuoneka lopambana. Koma zenerali silifika pa ziro kumapeto, limathera pa 0.08, choncho kudumpha kwa pamsoko kwangochepa, sikunathe. Tizitunda take timayambira pansi, koma timatsika mwaulesi womwe uja wa zenera la ngodya zinayi. Pa timabokosi 20 pamagwerabe 0.002, pafupifupi theka la kafunde kathu. Kafundeko kangaoneke, koma kutalika kwake kudzasakanikirana ndi zotayikira, ndipo kutalika ndiko kumatiuza ngati rota ili bwino kapena ayi. Kwa ine, nambala ya katunda koyamba, imene imalembedwa patsogolo m'mabuku ambiri, ndi imene imasokeretsa anthu koposa. Funso loyenera ndi ili: chimene ndikufunacho chili timabokosi tingati kuchokera pa funde lalikulu, chili pansi bwanji, ndipo zenera ili limasiya chiyani pamalo amenewo?

Amene ali ndi kompyuta yokhala ndi Python angathe kudzionera yekha zonsezi:

```python
import numpy as np
from scipy.signal import get_window
fs, T = 1000, 10
t = np.arange(fs*T)/fs
x = np.sin(2*np.pi*50.25*t) + 0.005*np.sin(2*np.pi*48.24*t)
w = get_window("hann", len(x))
X = 2*np.abs(np.fft.rfft(x*w))/w.sum()
print(X[478:488])
```

Manambala khumi amene atuluke ndi a timabokosi toyambira pa 47.8 Hz kufika pa 48.7 Hz. Ndi `"hann"` mudzaona nsonga pafupi ndi 48.2 Hz. Mukasintha n'kulemba `"boxcar"`, limene ndi dzina la zenera la ngodya zinayi mu pulogalamuyi, nsongayo imasakanikirana ndi zotayikira zoiposa katatu, n'kungotsala kakukwera pang'ono pa 48.2 Hz pakati pa manambala onka nakwera kulowera ku 50 Hz. Mungayesenso `"hamming"` ndi `"blackmanharris"`, kenako n'kusintha `T` kukhala 1 ndi kuyang'ana `X[45:55]`.

Mzere wogawa ndi `w.sum()` usadumphidwe. Zenera la Hann limadula theka la kutalika kwa funde lililonse, popeza avereji yake ndi 0.5, ndipo amene waiwala kubwezeretsa theka limeneli adzalemba karenti ya maampeya 20 ngati 10. Ngakhale titabwezeretsa, kutalika kumene timawerenga kumadalirabe pamene funde lagwera. Likagwera pakati pa timabokosi tiwiri, palibe kabokosi kamene kali pansonga pa chitunda. Zenera la ngodya zinayi limaonetsa 0.64 m'malo mwa 1, kuchepa ndi 36 peresenti. La Hann, pokhala ndi chitunda chotambasuka, limaonetsa 0.85. Apa kutambasuka kwasanduka phindu, ndipo pali zenera lina, `"flattop"`, lopangidwa dala ndi nsonga yafulati kuti kutalika kuzilondola kulikonse kumene funde lagwera. Mtengo wake ndi chitunda cha timabokosi pafupifupi 10. Ndi labwino poyeza kukula kwa funde loima lokha, monga pochongera chida choyezera, koma n'losathandiza pamene mafunde athithikana.

Msampha wina ndi kuwonjezera maziro kumapeto kwa miyeso kuti timabokosi tichuluke. Mapulogalamu ambiri amalola zimenezi, ndipo chithunzi chimatuluka chosalala bwino. Njirayi imathandiza kupeza nsonga yeniyeni ya chitunda, koma chitundacho sichiphwa ndipo tizitunda sititsika. Sekondi imodzi ya miyeso yotsatiridwa ndi masekondi 9 a maziro ikadali sekondi imodzi. Chasintha n'chakuti chidindo chija tikuchiona mwatsatanetsatane, ndipo tizitunda timene tinali tobisika pakati pa timabokosi tsopano tikuoneka ngati nsonga zenizeni.

Ngozi imeneyi njoopsa pa ntchito ngati yathuyi, chifukwa tizitunda timakhala mbali zonse ziwiri za funde lalikulu molingana, monganso timafunde ta mpiringidzo woduka. Munthu angauze mwini chigayo kuti amasule mota yabwinobwino. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Funde lenileni lili m'waya, choncho ukasintha zenera limakhala pa Hz yomweyo ndi kutalika pafupifupi komweko. Katunda ndi ka zenera, choncho kamasuntha, kutsika kapena kuzimiririka. Ukatalikitsa nthawi yojambula, tizitunda timayandikira funde lalikulu, pamene funde lenileni silisuntha. Ndipo pa mota pali umboni wachitatu: kafunde ka mpiringidzo woduka kamatsatira kutsalira kwa rota, ndiye katundu akachuluka kamatalikira kuchoka pa 50 Hz, akachepa kamayandikira. Nsonga imene sisamala za katundu si ya mpiringidzo. Ikhoza kukhala ya zenera, kapena ya chinthu china chimene chikukoka mota mosinthasintha, monga lamba kapena giya.

Nanga bwanji osangojambula kwa mphindi yathunthu, kapena mphindi zisanu, kuti timabokosi tikhale tating'ono zedi? Malire ake ali m'makinawo, osati m'masamu. Zonse tawerengazi zatengera kuti firikwensi ndi katundu zakhazikika pa nthawi yonse yojambula. Pachigayo katundu amasintha nthawi iliyonse imene chimanga chathiridwa kapena chatha, ndipo kutsalira kwa rota kumasintha naye. Kukayendayenda pakati pa 1.8 ndi 2.2 peresenti, kafunde kathu kamayendayenda m'dera la 0.4 Hz. Pa timabokosi ta 0.1 Hz kamwazikira m'timabokosi tinayi, pa ta 0.01 Hz kamwazikira m'timabokosi 40, ndipo m'kalikonse kamaoneka kafupi kuposa mmene kalili. Palibe zenera lochiza zimenezi. Chofunika ndi kupeza nthawi imene katundu wakhazikika, ndi kujambula motalika mongokwanira kuti kafundeko katuluke m'chitunda ndi kufika pamene tizitunda tatsika. Komanso mota iyezedwe ili ndi katundu wokwanira. Ikamazungulira yopanda kanthu, kutsalira kungatsike kufika pa 0.2 peresenti, timafunde tija n'kukhala pa mtunda wa 0.2 Hz wokha, pamphepete penipeni pa chitunda cha Hann cha masekondi 10, komanso tofooka kwambiri poti m'mipiringidzo mukudutsa karenti yochepa.

Zenera la ngodya zinayi lisanyozedwe chifukwa cha mota imeneyi. Mafunde awiri ofanana mphamvu akayandikana kwambiri, ndilo limawasiyanitsa msanga, pakuti chitunda chake n'chochepa kuposa cha mazenera onse tatchulawa. Limalowetsanso phokoso lochepa m'kabokosi kalikonse, pamene la Hann limalowetsa lochuluka ndi theka. Pa chinthu chimene chimayamba ndi kutha chokha m'kati mwa nthawi yojambula, monga kulira kwa chitsulo chomenyedwa ndi hamala, pamsoko palibe kudumpha, ndipo zenera la Hann lingangofufuta chiyambi chimene chili ndi mphamvu zonse. Pali ntchito inanso imene imalidalira kotheratu. Muyezo wa IEC 61000-4-7, umene zida zoyezera ubwino wa magetsi zimatsatira, umati pa magetsi a 50 Hz chida chitenge mafunde 10 athunthu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndi zenera la ngodya zinayi. Chinsinsi chake n'chakuti chidacho chimalondola firikwensi ya magetsi n'kusintha kutalika kwa nthawi yojambula kuti nthawi zonse mulowe mafunde 10 osapitirira kapena kuperewera. Zikatero 50 Hz, 150 Hz, 250 Hz ndi ena onse a m'banja limenelo amagwera pa timabokosi penipeni, ndipo aliyense amakhala m'dzenje la mnzake. Koma njirayi imathandiza okhawo a m'banjamo. Timabokosi take ndi totalikirana 5 Hz, choncho kafunde ka pa 48 Hz kamamezedwa m'kabokosi ka 50, ndipo wofuna kudziwa za mipiringidzo ya rota ayenera kujambula karenti payekha kwa masekondi 10 kapena kupitirirapo, ndi zenera la Hann.